Zipinda zinayi kuseri kwa nyumba: zidya zingati, zibweza liti?

Kuseri kwa nyumba zambiri ku Area 25, ku Chirimba kapena ku Mchengautuwa kumakhala kamalo kotsala, komwe amayanikako zovala ndi kudzalako timizere ta chimanga. Mwini puloti akaima pamenepo madzulo, m'maso mwake mumaoneka mdadada wa zipinda zinayi, ndipo masamu amabwera okha: chipinda chilichonse K50,000, zinayi K200,000 pamwezi, ndalama yobwera munthu ali gone. Ena amangoti ndiyo penshoni yawo imeneyo.

Masamu amenewa si abodza, koma ayamba pakati. Sananene kuti mdadadawo udya zingati kufikira tsiku lopereka makiyi, sananenenso kuti pa K200,000 ija zotsala m'manja ndi zingati chaka chikatha. Tiyeni tiumange mdadada umenewu papepala, kuyambira pa ngalande ya maziko mpaka pa loko wa chitseko, tione kuti ndalama ibwerera liti.

Choyamba si kwa mmisiri ayi

Ambiri amayamba ndi kuitana bilidala kuti awauze mtengo. Ine ndimati yambani ndi kuyenda wapansi m'dera lanulo, mufunse lendi. Ndipo mufunse alendi, osati eni nyumba, chifukwa mwini nyumba amatchula mtengo umene amalakalaka pomwe mlendi amatchula umene amaperekadi. Funsani zipinda zofanana ndi zomwe mukufuna kumanga: cha magetsi kapena chopanda, mpopi uli pakhomo kapena amakatunga kukiyosiki, chimbudzi amagwiritsa ntchito mabanja angati. Muonenso kuti chipinda chikasamukidwa chimatha masabata angati chisanalowe munthu wina.

Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa simenti sudalira kuti mukumanga kuti, koma lendi imadalira. Thumba la simenti lomwe mwagula kuti mumangire pafupi ndi msewu wa minibasi ndi lomwelo limene wina wagula kuti akamangire kutsidya kwa dambo, kumene galimoto sifika mvula ikagwa. Ndalama zolowa n'zofanana, zotuluka ayi. Lendi ya m'deralo ndiyo idzakuuzeni malire a ndalama zoyenera kukwirira m'chipinda chimodzi, ndipo tibwereranso pa mfundo imeneyi.

Kuwerenga khoma

Tiyerekeze kuti chipinda chilichonse ndi mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali, zinayi zogundizana, kutsogolo kuli khonde la mita imodzi. Khoma lakutsogolo ndi mamita 12, lakumbuyo 12. Makoma opingasa ndi asanu, awiri a kumapeto ndi atatu ogawa zipinda, lililonse mamita 4, onse pamodzi 20. Tikaphatikiza, khoma lonse ndi mamita 44. Nambala imeneyi muisunge, pakuti zambiri zichokera pomwepa.

Ngati khoma litalika mamita 3, kuwerengera ndi kukwera kwa mbali imene denga layambira, tili ndi masikweya mita 132. Tichotsepo malo a zitseko zinayi ndi mawindo anayi, pafupifupi 12, patsala 120. Buloko ya simenti yodziwika bwino ija, ya masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu, imalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi. Ndiye khoma la pamwamba lidya mabuloko 1,500. Koma khoma limayambira pansi pa nthaka, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaiwala. Ngati kuchokera pa konkire ya maziko kufika pa silabu pali masentimita 60, pamenepo palowanso mabuloko okwana ngati 330. Onjezerani osweka potsitsa pa lole ndi odulidwa m'makona, mufika pa 1,900. Chimbudzi ndi bafa zitenga ena ngati 300. Onse pamodzi 2,200.

Wofuna njerwa zootcha awerenge njerwa 50 mpaka 60 pa sikweya mita ngati khoma ndi la njerwa imodzi yogoneka m'litali, ndipo awirikize kawiri ngati ndi khoma lochindikala. Njerwa za m'mauvuni a m'makwalala sizifanana kukula, choncho tengani zingapo muyese ndi tepi musanalipire. Njerwa zokhota ndi zazing'ono zimatchipa pogula, koma zimabweza chipongwe pa matope omangira ndi pa pulasitala, chifukwa mmisiri amawongola khoma ndi simenti yanu.

Simenti ndiyo imapweteka, ndipo imapweteka chifukwa imalowa malo ambiri osaoneka. Pa mdadada wathuwu, konkire ya m'ngalande ya maziko ifuna matumba ngati 18 a makilogalamu 50. Silabu ya pansi, ya masikweya mita 60 kuphatikiza khonde, yochindikala masentimita 10, ifuna ngati 30. Kumanga mabuloko kutenga ngati 35, poyerekeza kuti thumba limodzi limamanga mabuloko 50 kapena kupitirirako pang'ono. Lintala yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo itenga 9, ndipo kusalaza pansi 13. Pulasitala ndiye amadabwitsa anthu: khoma lili ndi nkhope ziwiri, ndiye masikweya mita 120 aja asanduka 240, ndipo thumba limodzi limapaka 8 mpaka 10 basi. Amenewo ndi matumba ngati 27. Zonsezi zikupereka 132. Tikaika ena a chimbudzi ndi bafa, tinene kuti 150.

Mmisiri wina akhoza kukuuzani 135, wina 165, malinga ndi kasakanizidwe kake ndi mchenga umene mwamupatsa. Zimenezo n'zomveka. Koma akakuuzani kuti matumba 70 akwana, dziwani kuti mwina akufuna kuti ntchito iyambike kenako azidzakuuzani kuti "bwana, simenti yatha" Lachitatu lililonse, kapena akufuna kuthira mchenga wambiri moti khoma lizidzayoyoka mlendi akakhoma msomali wa kalendala. Akatchula 250, funsani kuti enawo akupita kuti.

Denga ndi losavuta kuwerenga. Pamodzi ndi zotulukira m'mbali, kutalika kwake ndi mamita 12 ndi theka, ndipo lata limodzi, likasanjikizana ndi linzake, limafunda pafupifupi masentimita 70. Pamzere umodzi palowa malata 18. Kuchokera kumbuyo kufika kukhonde pafunika mizere iwiri ya malata a mafiti 10, ndiye 36. Gulani 38, ndi ena anayi a kuchimbudzi. Pa geji, kumbukirani kuti nambala ikamakwera lata limapyapyala: geji 28 ndi yolimba kuposa 32. Lata lopyapyala limapindika kalipentala akangoliponda, ndipo dzimbiri silichedwa kuliboola, makamaka ngati alendi amaphikira mbaula pakhonde.

Kuika mitengo

Kuchuluka kwa zipangizo sikusintha chaka ndi chaka. Mitengo ndiyo siikhala pansi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anali pakati pomanga nthawi imeneyo akukumbukira zimene zinachitika kumahadiweya. N'chifukwa chake mitengo imene ndiike apayi ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke kayendedwe kake. Inu mufufute, mulembe ya sabata imene mukuwerengayo.

Tinene kuti thumba la simenti ndi K30,000. Matumba 150 ndi K4,500,000. Buloko imodzi pa K1,500, onse aja ndi K3,300,000. Mchenga, miyala ya kwale, madzi omangira ndi malole onyamula tiike K2,000,000. Denga lonse, malata pamodzi ndi matabwa, misomali ndi waya womangira, K2,200,000. Zitsulo za mu lintala, waya wa m'khoma ndi pulasitiki yotchinga chinyontho, K800,000. Zitseko, mafelemu, mawindo, magalasi ndi maloko, K1,600,000. Kulowetsa mawaya a magetsi, kulumikiza kwa Escom ndi kukoka mpopi, K1,600,000. Penti K500,000. Zipangizo zonse zakwana K16,500,000.

Munthu wofulumira amaima pamenepa n'kumauza anzake kuti mdadada ndi mamiliyoni 16. Sanalipire aliyense. Bilidala ndi anyamata ake, kalipentala, wamagetsi, wamipope ndi wokumba dzenje la chimbudzi, onsewa pamodzi amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa zipangizo, tinene K4,000,000. Pulani yoti khonsolo ivomereze, ndi mlonda woyang'anira simenti usiku, K500,000. Tafika pa K21,000,000.

Pamwamba pake ikani 15 peresenti ya zosayembekezereka. Si ndalama ya mantha ayi, imadyedwadi. Mukukumba maziko mupeza chulu chakale kapena dothi lakuda lofuna ngalande yakuya. Wokumba chimbudzi akumana ndi thanthwe pa mamita awiri, kapena madzi. Simenti isowa m'tauni kwa masabata atatu n'kubwera ndi mtengo wina. Matumba asanu agwira chinyezi n'kuuma. Ndi zimenezi, mdadada wathu ukufika pa K24,000,000, kutanthauza K6,000,000 pa chipinda chimodzi.

Pali kanthu kena ka pambali kokhudza malipiro a mmisiri. Gwirizanani mtengo wa gawo lililonse, maziko, khoma kufika pa lintala, denga, pulasitala, ndipo muzilipira gawolo likatha. Wolipidwa pa tsiku sathamangira kumaliza. Wolipidwa zonse poyamba mumakam'peza akumanga kwina.

Lendi ya papepala ndi lendi ya m'manja

Tsopano tibwerere ku K200,000 ija. Tikagawa K24,000,000 ndi K200,000 tipeza miyezi 120, zomwe ndi zaka 10. Apa pokha ena atsegula kale maso, chifukwa m'mutu mwawo munali zaka zitatu kapena zinayi. Koma zaka 10 zimenezi n'za dziko limene chipinda sichikhala chopanda munthu, mlendi sadwala, sachotsedwa ntchito, ndipo loko sathyoka.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lendi yoti muwerengere ndi yomwe yalowa m'thumba. Alendi a chipinda chimodzi ndi anthu osamukasamuka: mnyamata wapeza ntchito kwina, banja lakula likufuna zipinda ziwiri, wina wangochoka usiku ali ndi ngongole ya miyezi iwiri. Januwale ndi Febuluwale, pamene fizi ya ana ndi kukwera kwa chimanga zakumana, "ndikupatsani pa 15" amachuluka. Njira yabwino ndi kuwerengera miyezi 10 pa chaka m'malo mwa 12. Zikatero, zipinda zinayi zibweretsa K2,000,000 pa chaka, osati K2,400,000.

Pa ndalama imeneyi pachokenso zokonzetsa. Mlendi akatuluka, chipinda chimafuna penti, kawirikawiri loko watsopano, mwina galasi. Mpopi wa anthu ambiri umatha msanga. Chimbudzi cha mabanja anayi chimadzaza, ndipo kupopa kapena kukumba china ndi ndalama ya mwini nyumba. Kulinso msonkho wa malo wa kukhonsolo kwa amene puloti yawo ili m'kaundula wa mzinda, osaiwala kuti lendi ndi ndalama imene bungwe la MRA limaiwerengera msonkho. Tiike K300,000 pa chaka pa zonsezi, ngakhale zaka zina idzapitirira. Zotsala m'manja ndi K1,700,000.

Gawani K24,000,000 ndi K1,700,000. Yankho ndi zaka 14.

Ndipo apa tayesa ngati puloti inalipo kale. Ngati mukuchita kugula, tinene pa K8,000,000, ndalama yonse ndi K32,000,000 ndipo zaka zikuyandikira 19. Kunena zoona, puloti siitha ngati malata, ndipo m'matauni athu mtengo wa malo umakwera, choncho ena saiwerengera m'masamu a kubweza. Ndikuwamvetsa. Koma puloti yokwera mtengo siigula ufa pokhapokha mutaigulitsa, ndipo imakwera mtengo ngakhale musanamangepo kanthu. Kukwera kwake si phindu la zipinda.

Magetsi ndi madzi sindinawaike m'zochotsa chifukwa ayenera kulipira ndi alendi. Koma mita ikakhala imodzi, mkangano wa mayunitsi sutha: uyu ali ndi mbaula ya magetsi, uyo ali ndi babu limodzi ndi foni, onse akusonkha mofanana. Mapeto ake mwini nyumba amathirapo zake kuti pakhomo pakhale mtendere, kapena mlendi wabwino amasamuka. Ndalama yogawira magetsi chipinda ndi chipinda pomanga imaoneka yowawa tsiku limenelo, koma imateteza miyezi 10 ija kuti isatsike kufika pa 8.

"Koma lendi imakwera"

Wina anena kuti masamuwa aiwala kuti lendi siikhala pa K50,000 mpaka kalekale. N'zoona. Ngati zotsala m'manja zikukwera ndi 15 peresenti chaka chilichonse, K24,000,000 ija ibwerera m'zaka 8 zokha. Pamapepala zikuoneka bwino.

Funso ndi lakuti, kodi K24,000,000 ya chaka chachisanu ndi chitatucho ingamangenso mdadada womwewo? Pofuna kudziyankha, siyani kuwerenga makwacha, muwerenge matumba a simenti. Pa mtengo wathu uja, mdadada wonse ndi wofanana ndi matumba 800. Zotsala m'manja pa chaka ndi matumba 57. Chaka chilichonse, tengani zimene mwapeza muone kuti zikugula matumba angati pa mtengo wa nthawi imeneyo. Ngati lendi ikukwera mofanana ndi simenti, mudzapezabe matumba 57 ndipo zaka zikhalabe 14. Ngati simenti yathamanga kuposa lendi, matumbawo atsika kufika pa 45 kapena 40, ndipo ndalama yanu ikubwerera pang'onopang'ono kuposa mmene makwacha akuonetsera. Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa mtengo wa simenti ndi malata umatsata dola, pomwe lendi imatsata malipiro a mlendi, amene sakwera tsiku limene kwacha yagwa. Mukhoza kulemba kalata yokweza lendi, koma simungakweze malipiro a mlonda kapena a mtsikana wa mu shopu amene akukhala m'chipinda chanu.

Mbali yokoma ya nkhani yomweyi ndi yakuti amene wamanga kale watsekera ndalama yake m'khoma pa mtengo wa dzana. Akanaisunga m'nyumba kapena mu akaunti yosabereka, bwenzi ikusungunuka. Nyumba ya lendi imasunga chuma bwino. Chimene siichita ndi kubweza msanga.

Ngongole

Apa ndiye pamene anthu amagwera m'mbuna. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya dziko lino inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo munthu wamba wokongola kubanki amalipira choposa pamenepo. Tiyerekeze kuti mwakongola K10,000,000 pa 30 peresenti kuti mumalize mdadada. Chiwongoladzanja chokha cha chaka choyamba chikuyandikira K3,000,000. Zipinda zonse zinayi zikukupatsani K1,700,000. Ndiye kuti lendi yonse siikukwana ngakhale kulipira chiwongoladzanja cha ngongole imene sinafike n'theka lomwe la mtengo wa nyumbayo. Zotsalazo zizichoka kumalipiro anu. Za banki mkhonde, kumene chiwongoladzanja amawerengera pa mwezi, kapena za katapila, n'zosayambika n'komwe pa ntchito ngati iyi.

Ngongole imene ingamveke ndi yaing'ono, ya kumapeto: nyumba yafoleredwa, pangotsala zitseko ndi magetsi, ndipo kachigawo kameneko kakutsekereza lendi yonse. Pamenepo K1,500,000 yokongola ikutsegula K200,000 pamwezi, ndipo ingabwezedwe chaka chisanathe.

Kwa womanga ndi ndalama ya m'thumba, pang'onopang'ono, kalondolondo wa ntchito ndi wofunika kwambiri. Yendani m'makwalala muone midadada ingati yaima pa windo kwa zaka zitatu, udzu utamera m'kati. M'makoma amenewo muli mamiliyoni amene sanabweretsepo tambala, ndipo zaka zimenezo ziyenera kuwonjezeredwa pa 14 zija. Kuli bwino kuthira maziko a zipinda zonse zinayi nthawi imodzi, kuti nyumba idzakhale yogwirana, kenako kumaliza ziwiri mpaka kulowetsa anthu, pamodzi ndi chimbudzi. Lendi ya ziwirizo izigula mabuloko a zinazo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kubwerera ku lendi ya m'dera

Tsopano titha kutembenuza masamu, kuyambira kumapeto. Ngati mukufuna kuti ndalama ibwerere m'zaka 8, ndipo lendi ya m'dera lanu ndi K50,000, chipinda chimodzi chikusiyirani K425,000 pa chaka mutachotsa miyezi iwiri ndi zokonzetsa. Kuchulukitsa ndi 8, ndi K3,400,000. Amenewo ndiwo malire a ndalama yoti ilowe m'chipinda chimodzi. Pulani yathu ikufuna K6,000,000. Sizikugwirizana.

Mungayese kutsitsa mtengo womangira: njerwa zomanga ndi dothi, malata opyapyala, opanda magetsi, zonse n'kukwana K12,000,000. Koma chipinda chotere mwina chipeza K30,000, ndipo mukachotsa zomwe zija mutsala ndi K900,000 pa chaka. Zaka 13. Mwasintha pang'ono chabe, ndipo nyumbayo ikalamba msanga. Kutchipitsa kumathandiza ngati mukuchotsa zinthu zimene mlendi salipirira, monga matailosi, siling'i yokongola kapena penti yodula m'dera la anthu ofuna pogona basi. Kukachotsa zimene amalipirira, monga magetsi, chitseko cholimba ndi mpopi wapafupi, lendi imatsika nawo limodzi.

Chimene chimasinthadi masamu ndi malo. Mdadada womwewo wa K24,000,000, utakhala pamene chipinda chimapeza K80,000, ukusiyirani K2,900,000 pa chaka, ndipo ndalama ibwerera m'zaka 8 ndi miyezi ingapo. N'chifukwa chake m'madera oyandikana ndi sukulu za ukachenjede, monga ku Chikanda ku Zomba, anthu amamanga zipinda mothinana: ophunzira awiri kapena atatu amagawana chipinda, aliyense n'kulipira bedi lake. Komabe kumeneko muwerengere miyezi ya tchuthi, ndi nthawi zimene sukulu imatsekedwa mwadzidzidzi, ndiponso kuti mabedi, madzi ndi chitetezo zimakhala pamutu panu.

Ndisanaiwale, masamu onsewa amagwira ntchito ngati nyumbayo iimadi zaka 14. Malo a mapepala okayikitsa, a m'mphepete mwa mtsinje, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi kapena m'malire a msewu akhoza kukuthetserani nkhani m'mawa umodzi. Pitani kukhonsolo mukafunse za puloti yanu musanagule thumba loyamba.

Choncho tengani kope ndi tepi. Yezani malo anu, werengani mamita a khoma, funsani mitengo m'mahadiweya atatu ndi lendi kwa alendi asanu a m'dera lanu, muchotse miyezi iwiri ndi zokonzetsa, kenako mugawe. Yankho likakhala pansi pa zaka 10 ndipo ndalama ndi yanuyanu, itanani bilidala. Likapitirira 15, kapena ngati theka la ndalamayo ndi la kubanki, kamalo ka kuseri kaja kayambe kadzalidwabe chimanga.